Akakunyoza pa gulu la WhatsApp: zimene malita 18 a mkaka anaphunzitsa a ku Palabana

Ku Palabana, m'boma la Chongwe, mkaka ndiwo ndalama. Deralo limadziwika ndi sukulu yophunzitsa ulimi wa ng'ombe za mkaka, imene tsopano ndi Palabana University, ndipo m'mawa uliwonse zigubu zimayenda pa njinga ndi pa zimotoka kulowera ku Lusaka. Alimi ang'onoang'ono ambiri amasonkhanitsa mkaka wao pamodzi, ndipo nkhani zonse za nchito, monga nthawi ya motoka, malipiro ndi madandaulo, zimakambidwa pa gulu la WhatsApp. Munthu akalakwiridwa sadikiranso miting'i ya pa mwezi. Amalemba pomwepo, onse akuona.

Ndinaceza ndi kagulu kena ka alimi otere, ndipo anandilola kuona mameseji ao malinga ndisachule maina. Amene amalandira mkaka, kuupima ndi kulemba m'buku ndi mtsikana wa zaka za m'ma 20. Tsiku lina anabweza malita 18 a mdala wina, membala wakale, cifukwa cipimo cinaonetsa ngati muli madzi. Isanakwane 8 koloko, mdalayo anali atalemba pa gulu: "Mwana uyu sadziwa nchito. Ine sindinathirepo madzi mu mkaka. Kapena pali amene akudya naye?" Anthu atatu anaikapo cala covomereza.

Mtsikanayo anandiuza kuti manja ananjenjemera. Analemba yankho lalitali, kuchula masiku onse amene mdalayo anabweretsa mkaka mocedwa, koma sanalitumize. Anaika foni m'thumba n'kutsiriza kupima zigubu zotsala. Anacita bwino pamenepa, cifukwa pa WhatsApp mau okwiya sabwezeka. Ukasankha Delete for everyone, pamatsala cizindikiro coti wafufuta meseji, ndipo mwina wina wajambula kale. Kukonza meseji kumatheka m'mphindi 15 cabe, ndipo pamalembeka Edited.

Koma kukhala cete tsiku lonse nakonso kukanamupweteka, pakuti pa gulu anthu amatenga cete ngati kuvomera mlandu. Patapita theka la ola anagwiritsa nchito Reply pa meseji ya mdalayo, kuti aliyense aone cimene akuyankha, nalemba kuti: "Atate, ndamva dandaulo lanu. Mkaka wanu unaonetsa 26 pa lakitomita, ndipo lamulo lathu ndi kuyambira 28. Ndasungako pang'ono m'botolo. Ndipimanso a wapampando alipo, ndipo pofika 12 koloko ndilemba pano zimene tipeze."

Taonani zimene zili m'yankho limeneli. Meseji ya mdala inali ndi zinthu ziwiri zosakanikirana: mfundo yotheka kuifufuza, yakuti mkaka unalibe madzi, ndi citonzo, cakuti mtsikanayo ndi mbuli kapena wakuba. Iye anayankha mfundo yokha. Anachula nambala, anaitana mboni, anadziikira nthawi. Anayamba ndi "Atate" ngakhale kuti iye anachulidwa "mwana uyu", cifukwa kwathu kuno wamng'ono akayankha wamkulu mwamwano pa anthu, nkhani ya mkaka imathera pomwepo, imene imatsala ndi ya mwanoyo.

Kuti timvetse zimene anapeza, tidziwe mmene lakitomita imagwirira nchito. Ndi kacipangizo kagalasi koyandama mu mkaka, kopima kulemera kwake poyerekeza ndi madzi. Mkaka wabwino wa ng'ombe umakhala pafupifupi pakati pa 1.028 ndi 1.032, ndipo opima amangoti 28 kapena 32. Ukathira madzi, nambala imatsika. Koma imatsikanso mkaka ukakhala wofunda, cifukwa camadzi cikatentha cimapepuka. Malakitomita ambiri anapangidwa kuti aziwerengedwa mkaka uli pa madigiri 20, ndipo pa digiri iliyonse yopitirira pamenepo umaonjezera pafupifupi 0.2.

Mdala uja amakhala pafupi, ndipo tsiku limenelo anabweretsa mkaka atangokama. A wapampando anafunsa za nthawi yokamira, ndipo onse anazindikira kuti unapimidwa ukali wofunda. Ngati unali pa madigiri 30, kusiyana kwa madigiri 10 kumapereka 2, ndiye kuti 26 ija inali 28. Atapima wa m'botolo uja utazizira, unaonetsadi 28. Mkaka unali pa malire, koma unali wolandirika.

Ndiye kuti pa mfundo, mdala anali ndi coonadi. Mtsikanayo akanatumiza yankho lake loyamba lija, akanadzimangirira yekha pa cinthu cimene pofika masana cikanaoneka kuti n'colakwika, ndipo kubwerera kukanakhala kowawa kawiri. Ili ndilo phindu lenileni la kuugwira mtima: pa nthawi imene ukudzudzulidwa, kawirikawiri sunadziwe ngati wolakwa ndiwe kapena ai. Yankho lodekha limakusiyira njira ya mbali zonse ziwiri.

Nthawi ya 11:40 analembanso: "Tapimanso, waonetsa 28. Atate, mkaka wanu unalibe madzi, ndinaupima ukali wofunda. Pepani pa malita 18 amenewo, a wapampando akamba nanu za malipiro. Kuyambira mawa ndizipima kutentha coyamba ndi kulemba m'buku." Kupepesa kunali kamodzi, pa cinthu cimodzi. Sanalembe ndime zisanu zodzicepetsa, zimene zikanapangitsa ena kukayikira zipimo zake zonse za m'mbuyo. Ndipo popeza dandaulo linabwera pa gulu, yankho nalonso linayenera kubwera pa gulu. Kukonza zinthu mseri kukanasiya anthu ena onse ndi cithunzi cakale.

Nanga mau aja akuti pali amene akudya naye? Amenewo sanawasiye, koma sanawakambire pa gulu. Madzulo anapempha a wapampando kuti amuperekeze kwa mdalayo. "Ndinawauza kuti, Atate, za cipimo ndavomera, manje zakuti ndimadya ndalama za anthu zinandiwawa, ndipo ngati pali umboni ubwere ku komiti," anandifotokozera. WhatsApp ili ndi Reply privately, koma iye anaona kuti kwa munthu wamkulu, nkhani ya ulemu imafuna maso ndi maso komanso mkhalapakati. Mdala sanapepese pa gulu, ndipo mtsikanayo sanaumirire. Koma mawa lake anabweretsa cigubu cake yekha, naimirira kuonerera kutentha kukupimidwa.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Imagwira nchito ngati uli ndi colembedwa: buku, nambala, botolo losungidwa. Wopanda zimenezi amangotsala ndi "ine ndikuti, iwo akuti". Imafunanso wapampando woima pakati. Ndipo ngati munthu abwereza kukunamizira umbava ngakhale mfundo yayankhidwa, si dandaulo la nchito ai. Pamenepo usamayankhe meseji iliyonse. Jambula mameseji ndi masiku ake, upereke ku komiti, ndipo ulembe kamodzi cabe pa gulu kuti nkhaniyo ili m'manja mwa akuluakulu.

A wapampando anandionetsa buku la kaguluko. Pakati pa dzina ndi nambala ya lakitomita anajambulapo mzere watsopano ndi bolopeni, wolembamo kutentha kwa mkaka. Pa gulu anaikanso lamulo: amene mkaka wake wabwezedwa ali ndi ufulu wopempha kuti upimidwenso pamaso pa mboni motoka isananyamuke.