Kalata ya msonkho iyambe kupita, chosema chibwere pambuyo

Wosema wa ku Mua akagulitsa mvuu ya mtengo kwa munthu wa ku Britain, madandaulo amayambira pa msonkho. Wogula amaganiza kuti ndalama yotumizira yakwanira zonse, koma katundu akafika amauzidwa kuti alipire kaye asanamutenge.

N'chifukwa chake kalata iyenera kunena poyera, munthuyo asanalipire, kuti mtengo wa chosema ndi wotumizira ndi uwu, koma msonkho wa kwawo ndi wake. Ku Britain msonkho wa VAT pa katundu wambiri ndi mapaundi 20 pa 100 alionse, ndipo amawerengera pamodzi ndi ndalama yotumizira. Mvuu ya mapaundi 150 yotumizidwa ndi mapaundi 50 ifuna mapaundi 40, kampani yonyamula n'kuwonjezerapo yake yoyendetsera mapepala.

Pa fomu ya CN23 lembani kuti ndi mvuu yosema pamanja, kulemera kwake, mtengo wake weniweni, ndi dzina la mtengo umene munasema. Apa m'pofunika kusamala kwambiri, pakuti mlombwa ndi phingo zili pa mndandanda wa CITES, ndipo funsani za chilolezo musanalonjeze tsiku. Wogula akapempha kuti mulembe kuti ndi mphatso, kanani. Katundu akatayika mudzabwezeredwa potengera mtengo umene munalemba.