Kompyuta Ikamakugulirani Masheya

Tiyerekeze kuti pulogalamu yanu ili ndi masheya amene munagula pa madola 50, ndipo iyenera kuwagulitsa inu muli mtulo.

Ikatumiza oda ya `market`, ndiye kuti yati: gulitsani pompano, mtengo uliwonse. Malonda amachitikadi msanga, koma ngati ogula pa 50 akufuna masheya 20 okha inu muli nawo 100, otsalawo amapita motchipa. Pulogalamu siiima n'kudabwa ayi, imangopitiriza.

Oda ya `limit` imaika malire: osagulitsa pansi pa 52. Mtengo mwauteteza, koma wogula akapanda kupezeka masheya amangokhala. Nthawi zina amagulitsidwa theka, choncho pulogalamu izifunsa kuti agulidwa angati isanatumize oda ina.

Yosokoneza anthu ndi `stop`. Mukaiika pa 45, imangodikira. Mtengo ukafika pamenepo imasanduka `market`. Msika ukatseka pa 47 n'kutsegula mawa pa 40, masheya anu apita cha pa 40, osati 45. Ena amasankha `stop-limit` popewa zimenezi, koma mtengo ukadumpha malirewo masheya sagulitsidwa n'komwe, uku akutsikabe.