Kusankha Mizere ndi Madanga a Tebulo la Ndalama za Pakhomo

Tebulo la ndalama zogwiritsidwa ntchito pakhomo limakhala ndi mizere yopingasa, yochokera kumanzere kupita kumanja, ndi madanga otsika, ochokera pamwamba kupita pansi. Mzere uliwonse umanyamula chinthu chimodzi chimene chadya ndalama, ndipo danga lililonse limayankha funso limodzi lokhudza chinthucho: chinagulidwa liti, n'chiyani, chili m'gulu liti, chinadya zingati. Kujambula mizereyi ndi rula si kovuta. Povuta n'posankha chimene chiyenera kukhala mzere ndi chimene chiyenera kukhala danga, pakuti kusankha kolakwika kumabala tebulo looneka bwino koma lopereka chiwonkhetso chabodza.

M'makomo ambiri zolemba zimayambira kumapeto kwa kope la mwana wa sukulu kapena kuseri kwa lisiti. Mwachitsanzo, banja lina la m'tauni lingakhale litalemba izi m'sabata yoyamba ya Juni: Lolemba tomato, anyezi ndi mafuta ophikira K4,500; makala thumba limodzi K20,000 koma K5,000 yatsala; chigayo ndi minibasi K3,500; mayunitsi a magetsi K10,000 pa foni; sopo ndi shuga kuhokala K7,000 pa ngongole; chipepeso pamaliro K5,000; kutapa K30,000 kwa ejenti, yodulidwa K900; kubweza kuhokala K7,000. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, koma chisokonezocho n'chenicheni. Masiku ena alembedwa, ena ayi. Zinthu zosiyana zaunjikidwa pamodzi, ndipo ngongole yasakanikirana ndi ndalama yolipiridwa kale.

Asanajambule kalikonse, wolemba ayenera kudziwa funso limene banja likufuna kuti tebulo liyankhe. Banja lofuna kudziwa kumene malipiro akuthera lisowa danga la gulu la zinthu. Banja limene likuvutika ndi ngongole za kuhokala ndi kwa ogulitsa makala lisowa danga la ndalama zotsala. Danga limene silithandiza kuyankha funso lililonse limangotopetsa dzanja, ndipo pakatha masabata awiri limayamba kusiyidwa lopanda kanthu.

Mizere ndiyo iyenera kuyamba kukhazikika. Lamulo lake n'lakuti mzere umodzi ukhale wa ndalama imodzi yopita ku cholinga chimodzi. Mawu akuti “chigayo ndi minibasi K3,500” sangakhale mzere umodzi, chifukwa kugayitsa chimanga ndi nkhani ya chakudya pamene minibasi ndi ya mayendedwe. Agawidwe pawiri: K2,000 ya chigayo ndi K1,500 ya minibasi. Sopo ndi shuga nazonso zisiyane, ngakhale zinatengedwa pa hokala imodzi nthawi imodzi. Koma tomato, anyezi ndi mafuta zingakhale pamzere umodzi popanda vuto, popeza zonse zikukathera mumphika. Kugawa kumafunika pokhapokha ngati zinthuzo zikugwera m'magulu osiyana. Wolemba amene amapatsa mulu uliwonse wa tomato mzere wakewake amadzaza tsamba pa masiku atatu, osaphunzirapo chilichonse chatsopano.

Madanga anayi ndiwo maziko: tsiku, chinthu, gulu ndi mtengo. Tsiku lilembedwe m'manambala, monga 3/6, chifukwa mawu oti “Lolemba” sathandizanso mwezi ukatha, Malolemba atakwana anayi kapena asanu. M'danga la mtengo mukhale nambala yokha. Mawu onga “pa ngongole” kapena “yatsala” akalowamo, kuwonkhetsa kumavuta, ndipo pa kompyuta bokosi lokhala ndi mawu limadumphidwa mwakachetechete pulogalamu ikamawonkhetsa. Banja la m'chitsanzochi liwonjezera danga lachisanu la ndalama yotsala, popeza limagula zina pa ngongole. Tebulo lake lituluka motere:

| Tsiku | Chinthu | Gulu | Mtengo | Yotsala |
|---|---|---|---|---|
| 3/6 | Tomato, anyezi, mafuta | Chakudya | 4,500 | 0 |
| 3/6 | Makala, thumba 1 | Moto ndi magetsi | 20,000 | 5,000 |
| 4/6 | Kugayitsa chimanga | Chakudya | 2,000 | 0 |
| 4/6 | Minibasi | Mayendedwe | 1,500 | 0 |
| 5/6 | Mayunitsi a magetsi | Moto ndi magetsi | 10,000 | 0 |
| 6/6 | Sopo | Zapanyumba | 2,500 | 0 |
| 6/6 | Shuga | Chakudya | 4,500 | 0 |
| 7/6 | Chipepeso | Zothandiza anthu | 5,000 | 0 |
| 8/6 | Yodulidwa potapa | Zodulidwa pa foni | 900 | 0 |

Zinthu ziwiri za m'kope muja sizinapatsidwe mzere, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. K30,000 yotapidwa kwa ejenti sinagwiritsidwe ntchito. Yangochoka mu foni n'kulowa m'thumba la mwini wake yemweyo. Imene yapitadi ndi K900 yodulidwa ija, ndipo ndiyo yokha yalembedwa. K7,000 yobwezedwa kuhokala nayonso si kugula kwatsopano, chifukwa sopo ndi shuga zinalembedwa kale tsiku limene zinatengedwa. Pa tsikulo danga la yotsala linali ndi 2,500 ndi 4,500, ndipo ngongole itabwezedwa manambalawo anafufutidwa n'kulembapo 0. Munthu wowonkhetsa manambala onse a m'kope monga analembedwera, kupatula K5,000 yotsala ya makala, apeza K87,900, pamene mtengo weniweni wa zinthu za sabatayo ndi K50,900. Kusiyana kwa K37,000 n'kokwanira kuyambitsa mkangano m'banja pa ndalama imene sinasowe n'komwe.

Danga la gulu ndilo limafuna kuganizira kwambiri. Magulu asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu amakwanira khomo lililonse wamba: chakudya, lendi ndi madzi, moto ndi magetsi, mayendedwe, sukulu, chipatala, zapanyumba, ndi zothandiza anthu. Gulu lotsirizali ambiri amaliiwala, chonsecho chipepeso, kufupa pa ukwati, chopereka cha kutchalitchi kapena kumzikiti ndi ndalama zotumiza kumudzi zimatuluka mwezi ndi mwezi. Zikasowa gulu lake zimakabisala mu “zina ndi zina”. Gulu la zina ndi zina likayamba kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zonse, ndiye kuti mkati mwake muli gulu lina lofunika kutulutsidwa n'kupatsidwa dzina.

Pali zinthu zina zimene zimakhala pamalire. Minibasi yopita kuchigayo wina angaiike ku chakudya, wina ku mayendedwe, ndipo onse awiri sanalakwe. Cholakwika n'kuiika uku mwezi uno, uko mwezi wamawa, chifukwa miyezi iwiriyo sidzayerekezekanso. Banja ligwirizane kamodzi, lilembe mgwirizanowo patsamba loyamba la kope. Dzina la gulu nalonso lisamasinthesinthe: “Chakudya”, “Zakudya” ndi “Ndiwo” ndi magulu atatu osiyana kwa munthu wowerenga mothamanga, ndipo kwa kompyuta ndiye kwambiri.

Anthu ena amakonda kupatsa gulu lililonse danga lake, chakudya apa, magetsi apo, sukulu apo, mpaka kope kuligoneka chopingasa. Njirayi imagwira ntchito magulu akakhala ochepa ndi osasintha, koma ili ndi zovuta ziwiri. Mzere uliwonse umadzaza bokosi limodzi lokha, ena onse n'kutsala opanda kanthu, ndipo gulu latsopano likabadwa pakati pa mwezi malo oliikapo amasowa. Danga limodzi lolembamo dzina la gulu limalandira gulu latsopano popanda kujambulanso tsamba. Chizindikiro chakuti madanga asankhidwa molakwika n'chomwecho: mabokosi opanda kanthu kuchuluka kuposa olembedwa, kapena mawu kuyamba kulembedwa m'mphepete mwa tsamba chifukwa alibe pokhala.

Danga la kuchuluka kwa chinthu silofunika pa zonse, koma pa zinthu zikuluzikulu zogulidwa mobwerezabwereza limathandiza kwambiri. Mitengo ikamasintha msanga, monga zinachitikira ku Malawi kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yokha siuza munthu chimene chasintha. Ngati makala anadya K20,000 mwezi watha ndipo mwezi uno adya K30,000, mwina mtengo wa thumba wakwera, mwina banja lagula thumba ndi theka chifukwa magetsi amathimathima. Zifukwa ziwirizi zimafuna njira zosiyana zothetsera, ndipo n'kuchuluka kokha kumene kumazisiyanitsa. Chimanga, makala, mafuta ophikira ndi mayunitsi a magetsi zikuyenera kulembedwa kuchuluka kwake, kaya m'danga lapadera kaya pambali pa dzina, koma muyeso ukhale umodzi. Chimanga cholembedwa m'matumba a makilogalamu 50 mwezi uno ndi m'ndowa mwezi wamawa sichingayerekezedwe.

Danga la amene anagula lingathandize ngati anthu awiri kapena atatu amasonkherana, monga abale obwereka nyumba imodzi. Pamene thumba ndi limodzi, dangali limangobweretsa kulozana zala.

Miyezi isakhale madanga a tebulo loyambali. Malo ake ali m'tebulo lachiwiri, lachidule, limene limapangidwa mwezi ukatha. Mmenemo mizere imakhala magulu, madanga amakhala miyezi, ndipo bokosi lililonse limanyamula chiwonkhetso cha gululo pa mweziwo. Kuchokera m'sabata ya chitsanzo ija, chakudya chatenga kale K11,000 ndipo moto ndi magetsi K30,000. Wogwiritsa ntchito Excel kapena Google Sheets, ngati gulu lili m'danga C ndipo mtengo uli m'danga D, apeza chiwonkhetso cha chakudya polemba izi:

```
=SUMIF(C:C,"Chakudya",D:D)
```

M'tebulo lachidule muli msampha wa ndalama zosalipiridwa mwezi uliwonse. Fizi imalipiridwa katatu pachaka, feteleza kamodzi dzinja likamayandikira. Fizi ya K90,000 pa teremu imachititsa mwezi wotsegulira sukulu kuoneka woopsa, miyezi inayo n'kumaoneka ngati ndalama zikutsala. M'tebulo loyamba fiziyo ilembedwe yonse pa tsiku limene inalipiridwa, koma m'tebulo lachidule n'kwanzeru kuwonjezera danga lomaliza la mtengo wa pamwezi: K270,000 ya chaka chonse ikagawidwa pa miyezi 12 imakhala K22,500, ndipo ndiyo ndalama yoyenera kupatulidwa mwezi uliwonse.

Tebulo likatha liyenera kuyesedwa ndi ndalama zimene zilipodi. Ngati banja lija linayamba sabata ndi K60,000, kuphatikiza ya m'manja ndi ya mu foni, ndipo silinalandire ina, ndalama yotuluka ndi K50,900 kuchotsapo K5,000 ya makala imene sinalipiridwe, kutanthauza K45,900. Yotsala iyenera kukhala K14,100. Ikapezeka yochepera pamenepo, pali chinthu chimene sichinapatsidwe mzere, ndipo kawirikawiri zimakhala zing'onozing'ono monga mayunitsi a foni, kabaza kapena mandasi a ana. Ikapezeka yochulukirapo, chinthu china chalembedwa kawiri, ndipo koyambira kufufuza ndi ku ngongole zobwezedwa ndi ndalama zotapidwa kwa ejenti.