HDR pa TV: Chifukwa Chake Zipangizo Zonse Ziyenera Kugwirizana

Zilembo zitatu za HDR zimene zimalembedwa pa makatoni a ma TV amakono zimanena za kutalikirana kwa mbali yakuda kwambiri ndi mbali yowala kwambiri ya chithunzi. Ambiri amazisokoneza ndi 4K, koma ziwirizi n'zosiyana. 4K imanena za kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, pamene HDR imanena za kuwala ndi mtundu umene kadontho kalikonse kangaonetse. Filimu ikhoza kukhala ya 4K koma yopanda HDR.

Kuwala kwa sikirini amakuyeza m'maniti. Kwa zaka zambiri mafilimu ndi mapulogalamu a pa TV ankakonzedwa poganizira sikirini yowala maniti 100, malire amene anachokera ku ma TV akale a chimimba kumbuyo aja. Njira yakaleyi imatchedwa SDR. Vuto lake limaoneka bwino pa mpira woseweredwa masana, pamene theka la bwalo lili padzuwa ndipo theka lina lili mumthunzi wa denga. Kamera ikasamala za osewera a mumthunzi, a padzuwa amangoyera mbuu. Ikasamala za a padzuwa, a mumthunzi amamira mumdima. HDR imatambasula malirewo. Mafilimu ambiri a HDR amakonzedwa pa maniti 1,000, ena 4,000, ndipo njirayi imalola mpaka 10,000. Izi sizitanthauza kuti chithunzi chonse chimathobwa m'maso. Nkhope ya munthu imawala pafupifupi monga kale, ndipo kuwala kowonjezerako kumasungidwira timalo tochepa, monga kunyezimira kwa dzuwa pamadzi kapena nyali ya galimoto usiku.

Malire akatambasuka, pamafunikanso masitepe ambiri pakati pa mdima ndi kuwala. SDR imagawa mtundu uliwonse mwa itatu yoyambira, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, m'masitepe 256, chifukwa imagwiritsa ntchito mabiti 8. HDR imagwiritsa ntchito mabiti osachepera 10, omwe amapereka masitepe 1,024. Popanda zimenezi, thambo la kumadzulo lingaoneke la mizeremizere m'malo mosintha mtundu pang'onopang'ono.

Funso loti kodi TV ndi gwero la chithunzi ziyenera kukhala za HDR zonse ziwiri lili ndi yankho limodzi: inde. Ndipotu si ziwiri zokha. Filimuyo iyenera kukhala kuti inakonzedwa mu HDR, chipangizo choiseweretsa chiyenera kuidziwa, njira imene chithunzi chikudutsa iyenera kuilola, ndipo TV iyenera kutha kuionetsa. Chimodzi chikalephera, zonse zimabwerera ku SDR kapena chithunzi chimawonongeka.

TV ya HDR ikalandira chithunzi cha SDR, monga cha mawayilesi ambiri a kanema kapena cha DVD, imangochionetsa monga SDR. Ma TV ena ali ndi posankha pomwe amati amasandutsa chithunzi chilichonse kukhala ngati cha HDR, koma zimene amachita n'kukoka kuwala ndi kukoleza mitundu basi. Mitambo imene kamera inataya kale singabwezedwe ndi rimoti. Zinthu zikatembenuka, filimu n'kukhala ya HDR koma TV ya SDR, zotsatira zake zimadalira chipangizo choseweretsa. Chabwino chimasandutsa chithunzicho kukhala SDR chisanachitumize, ndipo woonera sadziwa n'komwe. Chosadziwa HDR chimangotumiza manambala osawamasulira, ndipo chithunzi chimaoneka chotuwa, mitundu yake yofwifwa. Zimenezi zimachitika kawirikawiri ndi mafilimu a pa fulashi kapena pa laputopu. Mafayilo ena a Dolby Vision amafika potulutsa nkhope zapepo ndi zobiriwira pa chipangizo chosawadziwa. Apa TV sinawonongeke ayi, ndipo kuitengera kwa wokonza n'kutaya ndalama.

HDR ili m'mitundu inayi yodziwika. HDR10, yomwe inalengezedwa mu 2015, ndiyo maziko, ndipo pafupifupi TV iliyonse ya HDR imaidziwa. Imauza TV kamodzi kokha za kuwala kwa filimu yonse. Dolby Vision ndi HDR10+ zimapereka malangizo atsopano pa chigawo chilichonse cha filimu, kotero chigawo cha usiku sichiweruzidwa ndi muyezo wa chigawo cha masana. Wachinayi ndi HLG, umene anakonza a BBC ya ku Britain ndi a NHK ya ku Japan kuti uzigwira ntchito poulutsa mapulogalamu pamene akuchitika.

Mmene zonsezi zimakumanirana zimaoneka bwino pa chitsanzo cha TV ya Samsung yolumikizidwa ndi chingwe cha HDMI ku makina oseweretsa madisiki a Ultra HD Blu-ray, m'kati muli filimu yolembedwa kuti Dolby Vision. Zikangoyatsidwa, makinawo amafunsa TV kudzera m'chingwe chomwecho kuti imadziwa mitundu iti. Ma TV a Samsung salandira Dolby Vision, choncho TV imatchula HDR10, HDR10+ ndi HLG. Disiki iliyonse ya HDR ya mtunduwu imanyamulanso HDR10, ndiye makina amatumiza imeneyo. Mwini wake amaonerabe HDR, kungoti si mtundu wolembedwa pachikuto.

Nthawi zina HDR siyaka ngakhale zipangizo zonse zili zoyenera, ndipo poyambira kufufuza ndi pamene chingwe chalowera. Ma TV ambiri amafuna kuti mwini wake atsegule yekha mphamvu yonse ya malo olowetsera HDMI. Pa Samsung posankhapo palembedwa Input Signal Plus, pa LG palembedwa HDMI Ultra HD Deep Colour, pa Sony palembedwa Enhanced format. Pa ma TV ena si malo onse a HDMI amene ali ndi mphamvuyi. Chotsatira ndi chingwe. Chofooka chimachititsa kuti chithunzi chizithimathima kapena chizionetsa timadontho toyera, ndipo cholembedwa Premium High Speed, chonyamula magigabiti 18 pa sekondi, n'chokwanira pa mafilimu. Ngati chithunzi chikudutsa kaye m'chokuzira mawu chakale chosadziwa HDR, chimafika pa TV chili SDR. Kuti munthu atsimikize kuti zatheka, ma TV ambiri amaonetsa kachizindikiro ka HDR pakona filimu ikamayamba, kapena dzina la kaonekedwe ka chithunzi limasintha n'kukhala ndi zilembozo.

Woonera pa intaneti kudzera m'mapulogalamu a m'kati mwa TV alibe nkhawa ya chingwe, chifukwa gwero lili mu TV momwemo. Komabe pa Netflix HDR imabwera ndi phukusi la Premium, ndipo kampaniyo imalangiza liwiro la mamegabiti 15 pa sekondi poonera 4K, zomwe zimadya bandulo mofulumira.

Mfundo yomwe ogula amapusitsika nayo kwambiri ndi yakuti kulandira HDR n'kosiyana ndi kuionetsa. Ma TV ambiri otsika mtengo amawerenga HDR10 bwinobwino koma amangowala maniti a m'ma 300, ndipo nyali yawo yakumbuyo imayaka mofanana sikirini yonse. Filimu yokonzedwa pa maniti 1,000 ikafika, TV imayenera kuipanikiza kuti ikwane m'malire ake. Ikafuna kusunga mbali zowala, imadetsa chithunzi chonse, ndipo m'chipinda chowala masana filimuyo imaoneka yakuda kuposa ya SDR. Ikafuna kusunga kuwala kwa nkhope, mitambo imatayika. Pa TV yotere, kuzimitsa HDR pa chipangizo choseweretsa kawirikawiri kumapereka chithunzi chabwinopo. N'chifukwa chake pogula, zofunika kufunsa ndi kuchuluka kwa maniti ndiponso ngati TV imatha kuchepetsa nyali m'zigawo zakuda zokha. Bungwe la UHD Alliance linaika muyezo wa Ultra HD Premium mu 2016, wofuna maniti oposa 1,000 pa ma TV a LCD ndi oposa 540 pa ma OLED. Ma OLED amaloledwa nambala yotsika chifukwa kadontho kawo kalikonse kamazima pakokha, kotero mdima wawo ndi wakuda kwenikweni.