Dzuwa likalowa, gawo la mdima la fotosinthesisi nalo limaima

Ophunzira ambiri a bayoloje ku sekondale akafunsidwa nthawi imene gawo la mdima la fotosinthesisi limachitika, amayankha mosajejema kuti ndi usiku. Yankholi limamveka lanzeru, koma ndi lolakwika, ndipo limaonetsa kuti magawo awiriwa analowezedwa payekhapayekha popanda kuona chimene chimawalumikiza. Zoona zake n'zakuti tsamba la nyemba, la mpunga kapena la chinangwa limayendetsa magawo onse awiri masana, nthawi imodzi, m'kuloroplasiti mmodzimodzi. Kuwala kukazima, gawo la mdima limangopitirira pang'ono kenako n'kuima. Amene wamvetsa chifukwa chake wamvetsa mutu wonsewu.

Mkati mwa kuloroplasiti muli malo awiri. Muli timatumba tafulati totchedwa thailakoidi, tosanjikizana m'milumilu yotchedwa galana, ndipo kulorofilo yemwe amagwira kuwala ali m'zikopa za timatumbati. Kunja kwa timatumbati kuli madzi okhuthala otchedwa sitoroma, odzaza ndi maenzayimu. Gawo la kuwala limachitikira pa thailakoidi, la mdima mu sitoroma. Malo awiriwa ndi ogundizana, moti chimene chapangidwa pa chikopa cha thailakoidi chimangogwera mu sitoroma pomwepo.

Kuwala kukagwera kulorofilo, maelekitironi ake amalandira mphamvu n'kuchoka pamalo pake. Malo amene asiyawo amadzazidwa ndi maelekitironi ochokera m'madzi, pakuti molekyulu ya madzi imang'ambidwa n'kutulutsa maelekitironi, maayoni a haidirojeni ndi okosijeni. Okosijeniyo amatuluka m'tsamba kudzera m'timabowo totchedwa sitomata. Mphamvu ya maelekitironi aja imagwira ntchito ziwiri. Ina imalumikiza ADP ndi fosifeti kukhala ATP, ndipo pamapeto pake maelekitironiwo pamodzi ndi haidirojeni amalandiridwa ndi NADP+ kukhala NADPH. Palibe shuga amene wapangidwa mpaka pano, ndipo kabonidayokisaidi sanakhudzidwe n'komwe.

Mu sitoroma ndi mmene kabonidayokisaidi amalowerera. Enzayimu yotchedwa rubisiko imamuphatikiza ndi RuBP, molekyulu ya makaboni 5, ndipo chotulukacho chimagawika nthawi yomweyo kukhala mamolekyulu awiri a GP, iliyonse ya makaboni 3. GP si shuga. Kuti asanduke shuga wa makaboni 3 wotchedwa TP, pamafunika mphamvu yochokera ku ATP komanso haidirojeni wochokera ku NADPH. Pamenepa ndi pamene magawo awiriwa amakumana.

Chimene ambiri amaphonya n'chakuti kudalirana kumeneku kuli mbali zonse ziwiri. ATP akapereka mphamvu yake amabwerera kukhala ADP ndi fosifeti, NADPH akatula haidirojeni amabwerera kukhala NADP+, ndipo zonsezi zimafunika kubwerera ku thailakoidi kuti zikadzazidwenso. Kuloroplasiti ali ndi mamolekyulu onyamulawa ochepa kwambiri, ndipo ndi omwewo amene amazungulira kambirimbiri. Zili ngati gulu loumba njerwa lomwe lili ndi ndowa zowerengeka: otunga pa mjigo akasiya kupopa, oponda dothi amaima chifukwa madzi atha, komanso oponda dothi akasiya kukhuthula ndowazo, otunga nawo amaima chifukwa alibe motungira. Ndowa zodzaza ndiye ATP ndi NADPH, zopanda kanthu ndiye ADP ndi NADP+.

Kuwerenga makaboni kumathandiza kuti nkhaniyi ikhazikike m'mutu. Mamolekyulu 3 a kabonidayokisaidi akakumana ndi 3 a RuBP, makaboni onse amakhala 18, omwe ndi mamolekyulu 6 a GP. Kusandutsa 6 amenewa kukhala TP kumadya ATP 6 ndi NADPH 6. Mwa TP 6 amenewa, 1 yekha ndi amene amatuluka ngati phindu. Otsala 5, omwe ali ndi makaboni 15, amasanjidwanso kukhala RuBP 3, ndipo ntchitoyi imadya ATP ena 3. Choncho kabonidayokisaidi 3 amafuna ATP 9 ndi NADPH 6. Popeza gulukosi ali ndi makaboni 6, mawerengerowa amawirikizidwa kawiri: ATP 18 ndi NADPH 12. Mzunguliro umenewu ndi umene umadziwika ndi dzina la Calvin. TP wotulukayo amasanduka sitachi wosungidwa m'kuloroplasiti momwemo, kapena sukulosi yemwe amayenda m'foloemu kupita ku mizu, zipatso ndi njere.

Onani kuti ATP amagwira ntchito pamalo awiri, pamene NADPH amagwira pamalo amodzi okha. Mfundo yaing'onoyi ndi imene imamasula funso lomwe limasokoneza ophunzira ambiri: chimachitika n'chiyani kwa GP ndi RuBP kuwala kukazimitsidwa mwadzidzidzi?

Tiyeni tilitsate bwinobwino. Tizomera tobiriwira ta selo imodzi tili m'botolo la madzi, nyale ikuyaka, kabonidayokisaidi alipo wokwanira. Nyale ija yazimitsidwa. Gawo la kuwala laima pompo, ndipo ATP ndi NADPH amene analipo atha posachedwa. Rubisiko sadya ATP pophatikiza kabonidayokisaidi ndi RuBP, ndiye kwa kanthawi akupitiriza kupanga GP. Koma GP uja alibe chomusandutsa TP, motero akuunjikana. RuBP naye akugwiritsidwa ntchito koma sakupangidwanso, motero akuchepa. Pa galafu, mzere wa GP umakwera pamene wa RuBP umatsika, ndipo RuBP akachepa kwambiri, kulandira kabonidayokisaidi nako kumaima.

Tsopano nyale iyake, koma kabonidayokisaidi achotsedwe. ATP ndi NADPH alipo ambiri, ndiye GP yense amene analipo akusandutsidwa TP, kenako RuBP. Koma RuBP alibe chophatikizana nacho, motero iye ndi amene akuunjikana pamene GP akutsika. Ndipo vutoli silithera mu sitoroma. NADPH sakutula katundu wake, ndiye NADP+ sakubwerera ku thailakoidi, maelekitironi akusowa owalandira, kung'amba madzi kukuchepa, ndipo okosijeni wotuluka akuchepanso ngakhale kuwala kulipo. Wophunzira amene angathe kulongosola zoyesera ziwirizi ndi mawu akeake safunikanso kuloweza magalafu awo.

Zimenezi zimachitika m'munda masana a dzuwa lowamba. Masamba a maungu akalefuka chifukwa chosowa madzi, sitomata amatsekeka kuti madzi asapitirire kutayika, ndipo kabonidayokisaidi sangalowenso mokwanira. Dzuwa likuwomba ndithu, koma tsambalo likupanga chakudya chochepa, ndipo kuwala kopitirira kumene silikutha kukugwiritsa ntchito kungathe kuwononga zikopa za thailakoidi. Mankhwala ophera udzu otchedwa atirazini, omwe alimi ena amapopera m'minda ya chimanga ndi nzimbe, amadula unyolowu mbali inayo. Amatseka njira ya maelekitironi pa thailakoidi, ndipo ngakhale sakhudza rubisiko, sitoroma imasowa NADPH, kupanga shuga kumaima, udzuwo n'kufa.

Asayansi anafika pa chithunzi chimenechi pang'onopang'ono. Mu 1905, Frederick Blackman wa ku Britain anaonetsa kuti kuwala kukakhala kochepa, kuonjezera kutentha sikufulumizitsa fotosinthesisi kwenikweni, koma kuwala ndi kabonidayokisaidi zikakhala zokwanira, kutentha kumaifulumizitsa. Izi zinasonyeza kuti pali gawo lina loyendetsedwa ndi kuwala ndi lina loyendetsedwa ndi maenzayimu. Mu 1937, Robert Hill anapeza kuti makuloroplasiti ochotsedwa m'tsamba amatulutsa okosijeni pa kuwala popanda kupanga shuga, bola apatsidwe mankhwala olandira maelekitironi. Mu 1941, Samuel Ruben ndi Martin Kamen anagwiritsa ntchito okosijeni-18 posonyeza kuti okosijeni wotulukayo amachokera m'madzi osati mu kabonidayokisaidi. Pambuyo pake Melvin Calvin, Andrew Benson ndi James Bassham ku Berkeley m'dziko la America anatsata kaboni-14 m'tizomera ta kulorela, akumatipha mu mowa wa m'labotale wotentha patangopita masekondi ochepa kuti aone kumene kaboniyo wafika. Molekyulu yoyamba kuoneka ndi kaboniyo inali GP. Calvin analandira mphoto ya Nobel mu 1961.

Ntchito ya Hill ndi yofunika kuiganizira mwapadera, chifukwa imaonetsa malire enieni a kudalirana kumeneku. Gawo la kuwala silifuna kabonidayokisaidi mwachindunji, limangofuna cholandira maelekitironi. M'labotale cholandiracho chingakhale mankhwala, koma m'tsamba lamoyo ndi NADP+, ndipo amene amamubweza ndi gawo la mdima.

Palinso chingwe china chomwe mabuku ambiri a ku sekondale sachitchula, ngakhale chimatsimikiza mfundo yonseyi. Pa kuwala, maayoni a haidirojeni amapoperedwa kuchoka mu sitoroma kulowa m'matumba a thailakoidi, ndipo pH ya sitoroma imakwera kuchoka pafupifupi 7 kufika pafupifupi 8. Maayoni a maginiziyamu nawo amachuluka mu sitoroma. Rubisiko ndi maenzayimu ena a mzunguliro wa Calvin amagwira bwino ntchito zinthu zikakhala chonchi, ndipo mdima ukabwera amafooka. Ndiye kuwala sikumangopereka ATP ndi NADPH, kumadzutsanso maenzayimu amene adzawagwiritse ntchito. N'chifukwa chake mabuku atsopano amalitchula gawoli kuti gawo losagwiritsa ntchito kuwala mwachindunji.

Wina angafunse za chinanazi, chomwe chimatsekula sitomata usiku. Ngakhale icho sichiphwanya lamuloli. Usiku chimangolandira kabonidayokisaidi n'kumusunga m'maselo ngati asidi wa makaboni 4, ndipo kukacha, sitomata atatsekeka, asidiyo amamasula kabonidayokisaidi uja kuti alowe mu mzunguliro wa Calvin pamene ATP ndi NADPH akupangidwa.

M'labotale ya pasukulu, kulumikizanaku kumaoneka ndi maso pa tsamba limodzi. Chomera chisungidwe mumdima maola 48 kuti sitachi athe m'masamba, kenako mbali ina ya tsamba iphimbidwe ndi pepala lakuda mbali zonse ziwiri, chomeracho n'kuikidwa padzuwa kwa maola angapo. Tsambalo liviikidwe m'madzi owira, liikidwe mu ethanolo wotenthetsedwa m'madzi otentha kutali ndi moto kuti kubiriwira kuchoke, litsukidwe m'madzi kuti lifewe, kenako lidonthezedwe ayodini. Mbali imene inaona dzuwa imada mobiriwira ngati bululu, yophimbidwayo imangotenga mtundu wa ayodini. Tsamba lonse likada, ndiye kuti sitachi wakale sanathe kapena pepalalo linalowetsa kuwala. Pofotokoza zotsatirazi pa mayeso, sikokwanira kulemba kuti panalibe kuwala. Yankho lathunthu likuti mbali yophimbidwayo inali ndi kulorofilo, madzi ndi maenzayimu, koma thailakoidi sanapange ATP ndi NADPH, motero GP sanasanduke TP, ndipo popanda TP sitachi sangapangike.