Funso labwino limachokera pa tsamba

Mphunzitsi wa mbiri yakale akapereka mutu woti ophunzira akawerenge, nkunena kuti Lachinayi tidzakambirana, ambiri amawerengadi. Ena amalemba mzere kunsi kwa ndime iliyonse mpaka tsamba kuda bii. Koma Lachinayi likafika, mphunzitsi nkufunsa kuti mwapezamo zotani, kalasi yonse imangoti zii, maso pa desiki. Kuwerenga kunachitika ndithu. Ntchito imene inatsala ndi ya mphindi makumi awiri kapena atatu, yosandutsa zowerengazo kukhala mafunso ndi mfundo zoti munthu atha kunena pakamwa.

Tiyerekeze wophunzira wa chaka choyamba ku koleji amene wapatsidwa mutu wonena za kuukira kwa John Chilembwe. Nkhaniyo amaidziwa kuyambira ku pulayimale. Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, anabwerako mu 1900 nkuyambitsa mishoni yake ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero ndipo anapha kapitawo wamkulu wachizungu, William Jervis Livingstone. Gulu lina linapita kukathyola nkhokwe ya mfuti ku Mandala mu Blantyre. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa pafupi ndi malire a Mozambique. Nkhani yodziwika chotere ili ndi msampha wake. Maso amangotsetsereka pa tsamba, mtima ukuti izi nzodziwa kale, ndipo munthu amafika kumapeto alibe funso ngakhale limodzi.

Choyamba chimene wophunzirayu angachite asanayambe kuwerenga ndi kuona timitu ta mkati, ndime yoyamba ndi yomaliza, kenako nkulemba chiganizo chimodzi pamwamba pa pepala chonena zimene wolembayo akufuna kuti owerenga avomereze. Chiganizo choti "mutuwu ukunena za Chilembwe" sichithandiza, chifukwa palibe angachitsutse. Choti "wolemba akuti chimene chinautsa anthu ndi thangata ndi nkhanza za pa esiteti kuposa chipembedzo" ndiye chothandiza, popeza munthu atha kuchivomera kapena kuchikana. Njira yoyamba ndi kufunsa usanawerenge si yatsopano. Katswiri wa maphunziro wa ku America, Francis Robinson, anailemba mu 1946 m'njira yake yodziwika ndi dzina loti SQ3R, m'mene owerenga amasandutsa kamutu kalikonse kukhala funso asanalowe m'ndime zake.

Akayamba kuwerenga, pensulo isamagwe paliponse. Igwe pamalo pamene maganizo apunthwa, ndipo malo otere amakhala a mitundu yochepa. Pali pamene mfundo ziwiri zikuwombana. Pali pamene wolemba wadumpha, wanena kuti "choncho" koma umboni wake sunafike pa "choncho" ameneyo. Palinso pamene wakhala chete pa anthu amene anayenera kumveka. M'mphepete mwa tsamba wophunzira aike kachizindikiro ndi mawu awiri atatu okumbutsa chimene chamuvuta. Mutu wa masamba makumi awiri ungatulutse tizizindikiro tisanu kapena tisanu ndi kamodzi. Tikapitirira apo, nthawi zambiri ndiye kuti munthu wabwerera ku chizolowezi cholemba mzere pa chilichonse chooneka chofunika.

Mu nkhani ya Chilembwe kuwombana kuli poyera kwa amene akukufuna. George Simeon Mwase, amene zolemba zake zinasindikizidwa mu 1967 pa mutu woti Strike a Blow and Die, anafotokoza Chilembwe ngati munthu amene ankadziwa kuti sadzapambana, ndipo ankafuna kuti imfa yake ilankhule, monga John Brown wa ku America. Koma mbiri yomweyo imatiuza kuti Chilembwe anatumiza anthu kukatenga mfuti ku Mandala, anagwirizana ndi Filipo Chinyama ku Ntcheu kuti nayenso adzuke, ndipo anatumiza kalata kwa Ajeremani amene ankalamulira dziko limene lero ndi Tanzania. Wophunzira wa maso apa amaima. Munthu wofuna kungofa, mfuti zambiri ndi thandizo la Ajeremani nzachiyani?

Funso limeneli labadwa, koma lisanalowe m'kalasi liyenera kupimidwa kawiri.

Muyeso woyamba ndi woona ngati mzere umodzi wa m'bukumo ungaliyankhe. Funso loti "Chilembwe anafa liti?" limagwa pomwepo. Wina amayankha, nkhani nkutha, kalasi nkubwerera ku zii. Muyeso wachiwiri ndi woona ngati munthu amene sanatsegule nkomwe bukulo angaliyankhe. Funso loti "kodi utsamunda unali woipa?" limagwa apa. Limamveka lalikulu, ndipo anthu atha kulikangana ola lonse, koma palibe amene adzafunike kutsegula tsamba. Funso lokambirana limakhala pakati pa awiriwa. Lili ndi mayankho osachepera awiri, ndipo yankho lililonse limafuna kuti woyankha aloze ndime. Funso la mfuti ndi Ajeremani lija limapyola miyeso yonse iwiri. Wina anganene kuti Mwase analakwitsa, wina kuti cholinga chinasintha zinthu zitavuta ku Mandala, winanso kuti anthu a Chilembwe sanali ndi cholinga chimodzi onse.

Izi sizikutanthauza kuti mafunso ang'onoang'ono ngachabe. Wophunzira amene sakudziwa kuti thangata ankagwira ntchito bwanji, kuti wokhala pa malo a esiteti ankalipira lendi ndi thukuta lake m'munda wa mwini malo, afufuze zimenezo usiku womwewo kapena afunse kalasi ikangoyamba. Kungoti mafunso otere ndi a iye mwini, oti amvetse. Asawawerengere pa mafunso atatu amene akufuna kuika pakati pa anzake.

Funso lachiwiri lingachokere pa umboni. Kodi zimene Chilembwe ananena kwa anthu ake asanaukire tikuzidziwa kudzera mwa yani? Iye anafa asanazengedwe mlandu. Mwase sanalipo, anazimva kwa Wallace Kampingo patapita zaka zambiri. Umboni wina wochuluka unachokera ku makhoti ndi ku komiti yofufuza imene boma la atsamunda linakhazikitsa, kumene anthu ambiri ankalankhula ali ndi chingwe m'maganizo. George Shepperson ndi Thomas Price, m'buku lawo la Independent African la mu 1958, anagwira ntchito yaikulu yosefa zolembedwa zoterezi. Wophunzira amene waona mawu a m'munsi mwa tsamba, tija ambiri amatidumpha, amapeza funso loti: wolemba wathuyu wadalira mboni iti pa ndime iyi, ndipo mboniyo inali ndi chifukwa chanji chonenera zimene inanena? Funso lotere mphunzitsi wa mbiri amalikonda, chifukwa ndi ntchito yeniyeni ya phunzirolo.

Lachitatu lingachokere pa chete. Ambiri mwa ogwira ntchito ku Magomero anali Alomwe obwera kuchokera ku Mozambique. Ngati mutuwo wadzaza ndi maina a abusa ndi amalonda ophunzira, nkoyenera kufunsa kuti mawu a olima thonje aja ali kuti, nanga amayi. Landeg White analemba buku lonse la Magomero mu 1987 potsata moyo wa anthu wamba a kumaloko, ndipo zimenezi zikuonetsa kuti funsoli lili ndi nyama.

Mafunso okha sakwanira. M'kalasi mphunzitsi atha kubweza mpira: "Nanga inu mukuganiza bwanji?" Apa mpamene mfundo yolankhula imafunika, ndipo iyenera kukhala ndi zinthu zitatu: chimene ukunena, tsamba limene chachokera, ndi chifukwa chake chikukhudza nkhani yonse. Wophunzira uja angalembe pa kapepala kake motere, m'mizere itatu yokha: kalata ya mu Novembala 1914, tsamba lakuti, akudandaula kwa boma, sakuopseza. Akaimika mkono, mizere itatuyo imasanduka mawu a theka la mphindi:

"Aphunzitsi, wolemba akuti Chilembwe anali atakonza zoukira kalekale. Koma pa tsamba lino akutchula kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, yodandaula kuti anthu akuda akufa pa nkhondo yosawakhudza. Munthu wolemba kalata yodandaula ndiye kuti akadali ndi chiyembekezo choti amvedwa. Ine ndikuona ngati maganizo ake anasintha pakati pa Novembala ndi Januwale."

Mfundoyi ili ndi pogwira. Mnzake atha kuyankha kuti kalatayo inali chenjezo lomaliza chabe, ndipo onse awiri adzayenera kubwerera ku mawu a kalatayo. Nkofunika kuti kapepalako kakhale ndi mawu ochepa. Amene amalemba ndime yathunthu amakaiwerenga mutu uli pansi, mawu osamveka, ndipo mnzake akanena mfundo yomweyo iye asanaitanidwe, amasowa pogwira. Amene ali ndi mizere itatu amatha kunena kuti, "Ndikugwirizana ndi achimwene apowo, koma tsamba lomwelo lili ndi mbali ina."

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo nkoyenera kuwanena. M'kalasi ya anthu zana limodzi, wophunzira akhoza kutuluka osanenapo kanthu ngakhale atakonzeka bwanji. Pamenepo mafunso atatu aja amagwira ntchito m'gulu lowerengera limodzi madzulo, ndipo nthawi zambiri limodzi mwa iwo limasanduka mutu wa chimangirizo. Kumene buku ndi limodzi ndipo akulimbirana anthu khumi, kapena ndi la ku laibulale loletsedwa kulembamo, tizizindikiro tija tilembedwe m'kope, kalikonse ndi nambala ya tsamba pambali pake, chifukwa bukulo silidzakhala m'manja pa tsiku lokambirana. Wowerengera pa foni achite chimodzimodzi, koma aonetsetse kuti nambala imene akulemba ndi yosindikizidwa pa tsamba, chifukwa imene foni imaonetsa pamwamba kawirikawiri imasiyana ndi ya anzake.

Vuto lina limabwera chifukwa cha ulemu. Ophunzira ambiri anakula akudziwa kuti buku silitsutsidwa, mphunzitsinso ayi, ndipo kufunsa kuti "umboni wa wolembayu uli kuti" kumawamveka ngati mwano. Koma funso loloza tsamba silinyoza munthu. Limaonetsa kuti wofunsayo wawerenga mpaka mawu a m'munsi. Amene akuopabe angayambe ndi mawu oti "sindinamvetse m'mene ndime iyi ikugwirizanirana ndi iyi", ndipo funsolo limakhala lomwelo.

Pomaliza kalasi, wophunzira abwerere ku kapepala kake nkulemba pansi pa funso lililonse yankho labwino koposa limene wamva ndi dzina la amene walinena. Funso limene palibe analiyankha alizungulize ndi pensulo nkulisamutsira pamwamba pa pepala la mutu wotsatira. Mutu wotsatirawo ukakhala wa mabungwe a eni dziko amene anachuluka m'zaka za m'ma 1920, funso la Alomwe a ku Magomero lidzafunikanso, popeza mabungwewo ankatsogozedwa kwambiri ndi aphunzitsi, abusa ndi makalaliki.