Kodi Munachita Chiyani Kwenikweni? Kulembanso Uthenga wa pa LinkedIn

"Ndine wonyadira komanso wodzichepetsa kulengeza kuti, pogwira ntchito limodzi ndi mbali zonse zokhudzidwa, tapititsa patsogolo luso la anthu akumudzi ndi kubweretsa njira zamakono zokhalitsa pa nkhani ya madzi. Monga mtsogoleri wa masomphenya komanso wokonda zotsatira, ndikupitiriza kusintha miyoyo."

Aliyense amene amalowa pa LinkedIn anakumanapo ndi uthenga wa mtundu umenewu. Ambiri amaulemba m'Chingerezi, koma ukaumasulira umamveka ngati mmene wamvekera pamwambapa. LinkedIn ndi tsamba la pa intaneti pomwe anthu amadziwitsana za ntchito zawo ndi kusakirapo ina. Linatsegulidwa mu 2003, ndipo kampani ya Microsoft inaligula mu 2016. Eni tsambalo nawonso anaona vutoli kalekale: kuyambira mu 2010, kwa zaka zingapo, ankatulutsa mndandanda wa mawu amene anthu awagwiritsa ntchito mopyola muyeso podzifotokoza. Mu 2011 ndi 2012 mawu amene anatsogola anali odzitcha munthu waluso lopeka zatsopano. Anthu miyandamiyanda akamadzitcha chimodzimodzi, wowerenga sangasiyanitsenso uyu ndi uyo.

Werenganinso uthenga uja, kenaka mudzifunse kuti munthuyu anachita chiyani. Anakumba chitsime? Anaphunzitsa anthu? Anagula mapaipi? Simungadziwe. Mkulu wa bungwe angausaine, kalaliki wa mu ofesi angausaine, ngakhale munthu amene sanapondeko kumudziko angausaine, osasintha liwu ndi limodzi lomwe. Apa ndi pamene pagona vuto. Mawu otere sanama poyera, komanso sanena chilichonse chimene wina angatsimikize kapena kutsutsa. Ndikhulupirira kuti ambiri amawalemba chifukwa cha mantha, osati matama. Amaopa kuti ntchito yawo ikanenedwa mmene ilili ioneka yaing'ono, ndiye amabwereka chilankhulo cha m'malipoti opita kwa opereka thandizo. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa kawirikawiri pansi pa mawuwo pamakhala ntchito yeniyeni yofunika kuidziwa.

Tiyerekeze kuti wolemba uthengawo ndi mayi wogwira ntchito ya ulangizi wa za madzi m'dera lina la kumudzi. Nkhani yakeyi ndi chitsanzo chabe, pamodzi ndi manambala ake, koma tiitsate mpaka kumapeto kuti tione mmene kulembanso kumayendera.

Choyamba, asayese kusinthanitsa liwu ndi liwu. Akachotsa "masomphenya" n'kuikapo "maloto", palibe chimene chasintha. Atseke uthengawo, atenge kope lake la kuntchito, atenge chiganizo chilichonse n'kuchifunsa kuti chinachitika liti, kuti, ndipo analipo ndani. "Mbali zonse zokhudzidwa" ndi ndani? Akayankha moona, apeza kuti ndi makomiti a mijigo, mmisiri mmodzi wokonza mijigo m'deralo, ndi mwini golosale wa pamsika. "Kupititsa patsogolo luso" kunali chiyani? Anali maphunziro a masiku 2 pansi pa mtengo wa mango. Nanga "njira zamakono zokhalitsa"? Apa ayamba kuseka yekha, chifukwa njirayo inali kupempha mwini golosale kuti azigulitsako malabala a mjigo. Chiganizo chimene chalephera kutulutsa tsiku, malo kapena munthu, monga chija cha kusintha miyoyo, achifufute osachimvera chisoni.

Akatero, atsala ndi zinthu zogwirika. M'dera lake muli mijigo 14 ya mtundu wa Afridev, womwe ndi wofala m'midzi ya m'Malawi ndipo unapangidwa kuti anthu a pamudzi azitha kuukonza okha. Mwa imeneyi, 5 inali yakufa. Iye ankaganiza kuti anthu sadziwa kukonza, choncho anawaitanira maphunziro. Patapita miyezi 3 mijigo ija inali ikadali yakufa. Tsiku lina msungichuma wa komiti ina anamuuza kuti, "Alangizi, kukonza timadziwa. Koma labala ndi wotchipa kuposa kabaza wokamugulira kuboma."

Pamenepo ndi pamene pali nkhani. Nkhani imafuna munthu amene ankaganiza china, n'kukumana ndi chinthu chimene chinamusintha maganizo. Uthenga woyamba uja unabisa zimenezi chifukwa zikuonetsa kuti mlangiziyo poyamba anaphonya. Komatu wolemba anthu ntchito amene ali ndi nzeru akufuna kudziwa zomwezo: kodi munthuyu akaona kuti njira yake sikuyenda, amamvera ndani, ndipo amachita chiyani?

Tsopano angathe kulemba motere:

"Chaka chatha ndinapatsidwa dera la mijigo 14 ya Afridev, ndipo 5 sinkatulutsa madzi. Ndinkaganiza kuti makomiti sadziwa kukonza, ndiye ndinakonza maphunziro a masiku 2. Patatha miyezi 3, palibe mjigo umene unadzuka. Msungichuma wa komiti ina ndi amene ananditsegula maso: ulendo wokagula labala kuboma unkadya ndalama zambiri kuposa labalayo. Ine ndi mmisiri wa m'deralo tinalemba zipangizo zimene zimatha msanga, ndipo ndinapempha mwini golosale wa pamsika kuti azizisunga. Anakana kawiri, poopa kuti katunduyo angokhala. Anavomera makomiti 6 atalonjeza kuti azigula kwa iye. Lero mijigo 4 mwa 5 ija ikutunga. Wachisanu sitinaukonze, madzi anaphwa pansi, ndipo nkhaniyo taipereka ku ofesi ya zamadzi. Ndikanayamba n'kufunsa makomiti ndisanaitanitse maphunziro."

Uthengawu ndi wautali kuposa woyamba, koma wowerenga sautopa nawo chifukwa chiganizo chilichonse chikumupatsa kanthu. Taonani mmene wayambira. LinkedIn imaonetsa mizere yochepa yoyambirira, yotsalayo imabisika mpaka wowerenga atadina kuti aone zambiri. Mizere imeneyo ikathera pa kunyadira ndi kudzichepetsa, munthu amangodutsa. Ikanena za mijigo 5 yakufa, aliyense wodziwa ntchito ya madzi amafuna kumva mathero ake. Malo olembapo ndi okwanira zilembo 3,000, koma nkhani imodzi yolunjika siifuna kudzaza onsewo.

Pali nkhani ya "ine" ndi "ife", yomwe kwathu kuno si yaing'ono. Tinaleredwa kuti munthu sadzitchula yekha pagulu, ndiye ambiri amathawira ku "tina-" ngakhale pa zimene anachita okha. Ena amapita mbali inayo, n'kusenza okha ntchito ya anthu khumi. Zonse ziwiri zimasokoneza wowerenga. M'uthenga wolembedwanso uja, mneni aliyense ali ndi mwini wake. Amene anaganiza molakwa ndi mlangizi, amene anaona gwero la vuto ndi msungichuma, mndandanda wa zipangizo analemba anthu awiri, ndipo amene anakapempha mwini golosale ndi mlangizi yekha. Kulemba choncho si kudzitama, si kudzichepetsa konamizira, ndipo mnzake wa kuntchito akauwerenga sangamve kuti walandidwa thukuta lake. Muyeso wabwino ndi umenewo: kodi mungawerenge uthengawo mokweza pamaso pa anthu amene analipo, osagwetsa nkhope?

Manambala nawo amafuna kusamala. Kulemba kuti "ndinakweza kagwiridwe ntchito ka mijigo ndi 80 peresenti" kukumveka kwakukulu, koma ndi mijigo 4 mwa 5 yomwe ija itavekedwa jekete. Nambala yaing'ono yonenedwa poyera imakhulupirika kuposa peresenti yopanda chiyambi chake. Ndipo ngati simunawerenge, musaike nambala. Nenani zimene munaona ndi maso.

Chenjezo lalikulu ndi lakuti kulemba nkhani nako kuli ndi chinyengo chake. Pa LinkedIn padzadza tinkhani ta munthu amene anakumana ndi wosauka panjira, wosaukayo n'kunena mawu anzeru, wolembayo n'kutolapo maphunziro asanu a utsogoleri. Mzere uliwonse uli paokha, ndipo kumapeto amafunsa ngati mukugwirizana nazo. Amenewa ndi mawu okuluwika omwe aja, angosintha maonekedwe. Mungawazindikire chifukwa zonse zimathera bwino kwambiri, ndipo anthu ena onse m'nkhanimo alipo kuti wolembayo awale. Nkhani yoona imakhala ndi chotsalira chosakonzeka. N'chifukwa chake mjigo wachisanu uja uyenera kukhalamo. Mlangizi akauchotsa kuti nkhani ikome, wayamba kale kupeka. Chimodzimodzinso mawu a msungichuma: ngati sakuwakumbukira bwino, anene tanthauzo lake m'mawu akeake, asawaike ngati ogwidwa kuchokera pakamwa pa munthu.

Wina angafunse kuti, nanga olemba ntchito si amasaka anthu pogwiritsa ntchito mawu enaake? Zoona, amatero. Koma mawu amene amasaka ndi mayina a maudindo, a zipangizo, a maphunziro ndi a maluso odziwika, osati "wamasomphenya". Dzina ngati Afridev si liwu lokuluwika, ndi dzina la chinthu, ndipo liyenera kukhalamo monga mmene lilili. Dokotala atchule nthambi yake, wowerengera ndalama atchule pulogalamu ya pakompyuta imene amagwiritsa ntchito. Kusiyana kwake n'kwakuti liwu la ntchito limaloza chinthu chimodzi, pomwe liwu lokuluwika lingalowe mu uthenga wa wina aliyense.

Kuona mtima kulinso ndi malire ake. Mlangizi uja sanatchule dzina la msungichuma, la mudzi, kapena la mwini golosale, ndipo sayenera kuika chithunzi chawo asanawapemphe. Sanaulule ndalama za bungwe lake, sanadzudzule abwana ake, ndipo cholakwa chokha chimene wanena ndi chake. Mabungwe ndi makampani ambiri ali ndi malamulo a zimene wantchito angalembe poyera, choncho ndi nzeru kuonetsa uthengawo kwa woyang'anira usanatuluke, makamaka ngati muli manambala a ntchito. Akakana manambalawo, nkhani ingathe kuima popanda iwo, bola zochitikazo zikhale m'ndondomeko yake.

Nthawi zina munthu amafunsa mafunso onse aja, lakuti liti, kuti, ndi ndani, n'kupeza kuti pansi pa uthenga wake palibe chochitika. Anangopita kumsonkhano ku Lilongwe, anamvetsera, anajambulitsa, n'kubwerera. Pamenepo pali njira ziwiri. Angalembe chinthu chimodzi chimene anamva kumeneko chomwe sankachidziwa, ndi mmene akufunira kuchiyesa pa ntchito yake sabata yamawa. Ngati nachonso palibe, uthengawo audikiritse mpaka atachiyesa china chake n'kuona zotsatira zake.